Nsapato za sukulu zafika ana atatsegulira kale, kalata yopita ku China ndiilembe bwanji?

Amake Dalitso: Akuluakulu, makamaka inu oitanitsa katundu kunja, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi shopu ku Kamwala ndipo nsapato za ana a sukulu ndimazitenga ku fakitale ina ya ku Guangzhou. Oda ya chaka chino inali ya madola 20,000. Dipoziti ya 6,000 ndinatumiza pa 2 Seputembala, 12,000 ndinalipira atanditumizira kope ya pepala la sitima, yatsala 2,000 yomwe tinagwirizana kuti ndidzapereka katundu akafika. Pa pulofoma analemba kuti akweza katundu pasanathe masiku 30 chilandirireni dipoziti, komanso pali mawu oti CIF Dar es Salaam. Kontena yafika kuno pa 24 Januwale, makolo atagulira kale ana awo kwina. Pano makatoni angodzadza mpaka kudenga, podutsa palibe.

Mashopu awiri a ku Chipata omwe ndimawapatsa katundu sindikanawasiya choncho, ndiye ndinawagulira mapeyala 600 konkuno pa mtengo wokwera. Ndikufuna kulembera fakitale kalata yeniyeni, osati za pa WeChat zomwe amangoyankha ndi tinkhope tosekerera, kuti andipatse kirediti noti ya madola 5,000. Ndiyambe bwanji, ndipo ndiikemo chiyani kuti asaizembe?

A Mwale a ku Chawama: Amayi, kalata ya chiyani? 2,000 ili m'manja mwanuyo musapereke basi, nkhani yatha. Akakufunsani muwauze kuti ndi ya kuchedwa.

NaBanda: Ine anga anakhala masabata ambiri pa Nakonde chaka chatha, dalaivala kumangoti mzere wa mathiraki sukuyenda. Lemberani a ZRA, ndiwo amatichedwetsa. Ejenti wanu ndi ndani kodi?

Amake Dalitso: Amayi naBanda, pa Nakonde inakhaladi, koma ine ndikudandaula za fakitale. Anachedwa kukweza.

A Phiri: Ine ndimagwira ntchito yoombola katundu pa boda, makalata otere ndimawaona. Amake Dalitso, musanalembe kalikonse tengani pepala la sitima lija, lomwe pamwamba pake pamalembedwa B/L, muone deti yomwe katundu anakwezedwa. Mutiuze. Chifukwa chake ndi ichi: mawu oti CIF Dar es Salaam anthu ambiri amawamva ngati wogulitsa walonjeza kufikitsa katundu ku Dar es Salaam pa tsiku lakuti. Ayi. Iye amalipira sitima ndi inshuwalansi mpaka kumeneko, koma udindo wake wopereka katundu umathera pa doko la kwawo, katunduyo akangokwera m'sitima. Za panyanja, za padoko la Dar, za mzere wa pa Tunduma ndi Nakonde, zonsezo si mlandu wake. Mukalemba kuti katundu wafika pa 24 Januwale ndiye mwachedwa miyezi yakuti, adzakuyankhani ndi mzere umodzi woti ife tinakweza kalekale, funsani a sitima. Ndipo adzakhala akunena zoona.

Amake Dalitso: Ndaona. Palembedwa 6 Novembala.

A Phiri: Eya, mlandu wanu wagona pamenepo. Dipoziti ya pa 2 Seputembala, kuonjezera masiku 30, tikufika pa 2 Okutobala. Iwo akweza pa 6 Novembala. Kuchedwa kwawo ndi masiku 35, ndipo umboni wake ndi mapepala awo omwe, sangaukane. Onetsetsani kokha kuti mukuwerengera kuyambira tsiku lomwe ndalama inalowa kwa iwo, chifukwa ya pa banki imatha kutenga masiku angapo. Ngati analemba pa WeChat kuti talandira, jambulani pamenepo.

Tsopano adzati nanga masiku 35 akukhudzana bwanji ndi kutaya kwanu. Muwayankhiretu m'kalata momwemo. Ulendo womwewo, ndi zochedwa zake zonse za panjira, ukanayamba pa 2 Okutobala, kontena ikanafika ku Lusaka cha pa 20 Disembala, sukulu zisanatsegulidwe. Kungochotsa masiku 35 pa 24 Januwale. Choncho za pa Nakonde simukuzibisa, mukuzivomera, koma mukuonetsa kuti ngakhale zinalipo mukanagulitsabe pa nyengo yake.

Kalata yokha ikhale ya tsamba limodzi, m'Chingerezi chosavuta, poti wowerengayo mwina aimasulira pa foni. Miyambi ndi mawu okuluwika asiyeni. Pamwamba dzina la bizinesi yanu, deti, ndi nambala za pulofoma, invoisi, B/L ndi kontena. Ndime yoyamba inene zomwe munagwirizana ndi madeti. Yachiwiri inene zomwe zachitika, masiku 35 aja. Yachitatu ndalama zomwe mwataya ndi mmene mwaziwerengera. Yomaliza inene chimene mukufuna: kirediti noti ya madola akutiakuti, yotchula nambala ya invoisi iyi, ifike pofika deti yakuti. Apatseni masiku 14 ndipo lembani deti yeniyeniyo, osati "mwamsanga". Sainani, dindani chidindo, itumizeni pa imelo ngati PDF pamodzi ndi makope a mapepala onse. Isapite kwa mtsikana wa malonda yekha amene mumacheza naye, iye alibe mphamvu yochotsa ndalama. Pemphani imelo ya abwana ake kapena ya ku maakaunti.

Koma 5,000 ija mwaipeza bwanji?

Amake Dalitso: Mapeyala 600 aja ndinawagula modula ndi pafupifupi madola atatu pa peyala kuyerekeza ndi mtengo womwe zanga zimafikira kuno, ndiye 1,800. Malisiti ndili nawo. Yotsalayo ndi phindu la Januwale lomwe landidutsa, ndi lendi ya kachipinda komwe ndasungako makatoni ena.

A Phiri: 1,800 ndi yolimba. Malisiti ali m'makwacha, ndiye sinthirani ku madola pa mtengo wa Bank of Zambia wa tsiku lomwe munagula, ndipo lembani kuti mwagwiritsa ntchito mtengo umenewo. Lendi ya kachipinda ikani ngati pali lisiti. Koma phindu la Januwale ndi lovuta. Nsapato zikadali nanu, siziwola, adzati gulitsani temu ikubwerayi. Ine ndikanakhala inu sindikanaliphatikiza m'chiwerengero. Nambala imodzi ikaoneka yongopeka, amayamba kukayikira kalata yonse, ngakhale pamene pali poona. Ndikanangolemba mzere umodzi wakuti palinso malonda omwe ndataya ndipo sindinasiye ufulu wodzawafunsa.

Msungwana wa Katete: Pepani kulowerera akuluakulu, ndikuphunzira zamalamulo. Phindu lotayika nalonso lamulo limalola kufunsa. Zambia ndi China onse ali mu pangano la United Nations la malonda a katundu pakati pa mayiko, CISG, kuyambira 1988, ndipo limagwira lokha ngati mapepala anu sananene kuti mwalikana. Gawo 74 limati wolakwa alipire zotayika kuphatikizapo phindu, koma zokhazo zomwe akanatha kuziganizira pa nthawi yomwe munkapangana. Ndiye amayi, munawauza kuti nsapatozi ndi za kutsegulira kwa sukulu mu Januwale musanapereke dipoziti? Ngati uthenga umenewo ulipo, ndi wofunika kwambiri. Ndikuganizanso kuti gawo 50 likukupatsani ufulu wodzichotsera mtengo nokha, monga anenera a Mwale.

A Phiri: Za gawo 74 mwalasa, mwana wanga, ndipo uthenga umenewo aufufuze lero lomwe. Koma gawo 50 ndi la katundu wosagwirizana ndi oda, monga masaizi olakwika, mapeyala operewera, kapena soli yomatuka. Kuchedwa sikulowa mmenemo. Pa kuchedwa njira ndi yofunsa chipukuta misozi. N'chifukwa chake mawu a a Mwale ndikuwavomera theka. 2,000 ija ndiyo mphamvu yanu, zoona, musathamangire kuitumiza. Koma kungokhala chete osalipira, m'mabuku mwawo mukhala inu wangongole, ndipo mlandu utembenuka. Lembani m'kalata kuti ndalama yotsalayi ilipo, mupereka ikachotsedwa ya pa kirediti noti. Akavomera 1,800, inu mutumiza 200, mabuku a mbali zonse atsekeka bwino.

Apa mpamenenso 5,000 ikuvutira. Kirediti noti si ndalama ya m'manja, ndi pepala longochepetsa zomwe muyenera kuwalipira. Ngongole yanu ndi 2,000 yokha. Atakupatsani ya 5,000, 3,000 inayo muidya pokhapokha mutaitanitsanso kwa iwo omwewo. Ngati simukufuna kubwererako, chomwe mupemphe ndi kubwezeredwa ndalama ku banki, ndipo imeneyo ndi nkhondo ina, fakitale siikonda kutulutsa ndalama yomwe yalowa kale.

A Mwale a ku Chawama: Ndiye mapeto ake ndi omwewo a Phiri, ndalama ikhala kwa amayi. Ine ndimangofupikitsa njira.

A Zulu: Ine za kirediti noti ya oda yotsatira zinandiwawa. Ndimaitanitsa matailosi. Anandilonjeza pakamwa kuti adzachotsa madola 900 ulendo wina. Ulendo winawo anachotsadi, koma mtengo wa bokosi anali ataukweza, ndiye zinangobwerera pomwepo. Mukavomera zimenezo amayi, mtengo wa peyala wa oda ikubwerayo ulembedwe limodzi.

A Phiri: Zoona a Zulu. Ndipo pali china cha ku ntchito kwathu. Akamachotsa pa oda yotsatira, invoisi ionetse mtengo wonse wa katundu, kirediti ikhale payokha. Msonkho wa pa boda umawerengedwa pa mtengo wathunthu wa katundu watsopanoyo, ndalama ya mlandu wakale siuchepetsa. Invoisi ikangobwera yotsika popanda kufotokoza, a kasitomu aiona ngati mwabisa mtengo, kontena iima. Komanso musayembekezere kuti msonkho womwe munalipira kale pa nsapatozi ubwezedwa chifukwa cha pepala la kuchedwa.

Amake Dalitso: Uthenga uja ndaupeza, ndi wa mu Ogasiti, ndinalemba kuti ndikuzifuna Khirisimasi isanafike chifukwa cha sukulu, iye anayankha kuti palibe vuto. Koma ndikudziwa chomwe adzanene. Nthawi ija ndikuwafunsa anati kunali holide ya dziko lonse ndipo malo m'sitima anasowa.

A Phiri: Holide imeneyo ndi ya pa 1 Okutobala, amatseka pafupifupi sabata yathunthu, ndipo imabwera chaka chilichonse. Polemba masiku 30 ankaidziwa. Malo m'sitima, pa CIF wofuna sitima ndi iwo, osati inu. Chomwe chingakusokonezeni ndi mmene mawu a pa pulofoma alembedwera. Ngati akunena masiku ogwira ntchito, 30 ija ifika cha pakati pa Okutobala kapena kupitirira, ndipo 35 yanu ichepa. Ngati akunena za katundu kukhala wokonzeka pa fakitale, osati kukwera m'sitima, adzati ife tinamaliza pa nthawi yake. Werengani mzerewo liwu ndi liwu, ndi timalemba ting'onoting'ono ta kumunsi tomwe.

Msungwana wa Katete: Ine ndikuonabe kuti ndi uthenga wa Ogasitiwo phindu la Januwale aliike, chiwerengero chitenge pa mabuku a malonda a Januwale wa chaka chatha. Akayamba ndi 1,800 adzamalizira pa 1,000.

A Zulu: Kapena ayambe ndi 5,000 osayankhidwa n'komwe.

Amake Dalitso: Pa pulofoma sipakutchulidwa zoti ogwira ntchito, angoti masiku 30, ndipo liwu lomwe alemba ndi lokweza katundu. Kumunsi kuli mizere iwiri ya Chitchaina yomwe sinamasuliridwe. Alipo pano wowerenga Chitchaina ndimutumizire chithunzi ndisanalembe?