Maperesenti a lipoti la malonda akukana kukwana 100, vuto lili pati?

Nachisale wa ku Chinamwali

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimasunga mabuku pa holoselo ina muno m'tauni ya Zomba, ndipo lipoti la malonda a mwezi watha abwana andibwezera. Pansi pa kolamu ya maperesenti kompyuta yalemba 100.0%, koma iwo atawonkhetsa ndi kakyuleta apeza 97.6. Nanenso ndawonkhetsa ndapeza zomwezo. Papepala palembedwa motere:

Shuga K14,620,000, 30.5%
Mafuta ophikira K12,310,000, 25.6%
Sopo K7,480,000, 15.6%
Ufa wa tirigu K6,050,000, 12.6%
Zakumwa K4,270,000, 8.9%
Mchere K2,120,000, 4.4%
Zonse pamodzi K48,000,000, 100.0%

Fayilo ya Excel imeneyi ndinaipeza pomwe ndimayamba ntchito, ine ndimangolowetsamo manambala a mwezi. Eni bizinesi akukumana Lachisanu. Ndiwayankha chiyani?

Achimwene a ku Matawale

Asisi musadandaule, nkhani yake ndi yakulaunda manambala basi. Excel imasunga nambala yaitali koma imakuonetsani yodulira. Shuga wanuyo ndi 30.458 ndi zina, iyo yaonetsa 30.5. Mukawonkhetsa zodulirazo sizikwana 100 ndendende. Ine ndimangowonjezera chotsalacho pa katundu wamkulu, ndiye shugayo mulembe 32.9 nkhani ithe.

Bambo a ku Mpondabwino

Achimwene, zakulaunda mwanena zoona kuti zimachitika, koma apa sizikukwanira, ndipo 32.9 imeneyo mayiwa asalembe.

Kulaunda kuli ndi malire ake. Mukamasiya nambala imodzi kumanja kwa kadontho, mzere uliwonse ungasunthe ndi 0.05 basi, kukwera kapena kutsika. Mizere ili papepalayi ndi 6. Ngakhale yonse itatsikira mbali imodzi, zomwenso sizichitikachitika, kusiyana kwake sikungapose 0.3. Choncho chilichonse cha pakati pa 99.7 ndi 100.3 tikanati n'kulaunda. Apa pakusowa 2.4. Akanakhala kuti akulemba maperesenti athunthu opanda kadontho, mzere uliwonse ukanatha kusuntha ndi 0.5, malire n'kukhala 3, ndipo ndikanayamba ndakumverani kaye. Koma ndi kadontho kamodzi, ayi.

Mayi, maperesentiwo asiyeni pambali pang'ono. Tengani kakyuleta muwonkhetse makwacha a mizere 6 ija, muone ngati akufikadi pa K48,000,000. Peresenti imangotsatira ndalama. Ndalama zikasiyana, peresenti siingakhale bwino.

Nachisale wa ku Chinamwali

Bambo ndawonkhetsa kawiri. Ikubwera K46,850,000. Ndiye pakusowa K1,150,000. Mtima wanga wagunda, ndalama zimenezi zapita kuti?

Che Songani

Imeneyo ndi VAT mayi. Kwathu kudepoti zinatichitikirapo. Chiwonkhetso chapansi tinachitenga ku makina a malisiti, chomwe chimaphatikiza msonkho wa MRA, pomwe mizere ya katundu tinaitenga ku buku la sitoko lopanda msonkho. Maperesenti anangothera m'ma 80. Tinavutika nazo mpaka wina anazindikira kuti tikugawa ndi nambala yolakwika.

Bambo a ku Mpondabwino

Che Songani, zanuzo n'zomveka ndipo n'zofala. Tikatenga VAT ya 16.5% monga chitsanzo, katundu yense n'kukhala wamsonkho, 100 kugawa ndi 116.5 imapereka 85.8%. N'chifukwa chake inu munathera m'ma 80. Kwa mayiwa dzenje ndi laling'ono kwambiri. Sindikukaniratu, poti si katundu yense amene amakhala ndi VAT, koma tisaganizire pomwe tingathe kuona ndi maso.

Mayi, musachite mantha, palibe amene wanena kuti ndalama zabedwa. Dinani pa kabokosi kamene pali K48,000,000, muone kumtunda kuja komwe kumaoneka fomula. Mutiuze ngati ndi nambala yolemba pamanja kapena fomula. Kenako yang'anani manambala a mizere kumanzere kwenikweni kwa sikirini, muone ngati akutsatana bwinobwino.

Nachisale wa ku Chinamwali

Ndi fomula, yalembedwa chonchi:

```
=SUM(B2:B9)
```

Ndipo kumanzere kuja mizere ikuyenda 2, 3, 4, 5, 6, 7 kenako 10. Palibe 8 ndi 9.

Bambo a ku Mpondabwino

Basitu mwazipeza. Kuchokera B2 kufika B9 ndi mizere 8, koma papepala mukutuluka 6. Iwiri inabisidwa. SUM imawerengera mizere yobisika yomwe, koma pulinta siitulutsa. N'chifukwa chake kompyuta ikunena 100.0% ndipo sikunama, abwana anunso akunena 97.6 ndipo sakunama.

Sankhani mizere 7 mpaka 10 kumanzere kuja, dinani batani lakumanja la mausi, musankhe Unhide. Ngati manambala a mizerewo akuoneka a buluu ndiye kuti ndi Filter, pitani ku Data mudine Clear.

Kuti zisadzakupezeninso, ikani fomula iyi m'kabokosi kena pambali:

```
=SUM(B2:B9)-SUBTOTAL(109,B2:B9)
```

SUBTOTAL yokhala ndi 109 imawonkhetsa zooneka zokha. Yankho likakhala 0, zonse zili poyera. Likakhala nambala ina, imeneyo ndiyo ndalama yomwe yabisala. Kwa inu musanatsegule mizereyo iyenera kuonetsa 1,150,000.

Nachisale wa ku Chinamwali

Zatuluka! Makandulo K695,500 ndi machesi K454,500. Pamodzi ndi K1,150,000 ndendende. Ndafunsa mnyamata wa kusitoko, akuti amene analipo kale anabisa mizereyo nthawi ina katunduyu atatha kwa miyezi ingapo, poti imangoonetsa ziro. Tinayambanso kuwoda chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Manambala ake amalowa okha kuchokera ku tsamba la sitoko, ndiye palibe amene amawaona.

Koma bambo, vuto lina. Makandulo akuonetsa 1.4%, machesi 0.9%. Ndikawonjezera pa 97.6 ndikupeza 99.9. Abwana ndi kakyuleta yawo adzandibwezeranso.

Achimwene a ku Matawale

Nanga si zomwe ndimanena zija? Kumeneko ndiye kulaunda. Ikani 0.1 pa shuga.

Mlongo wa ku Sadzi

Pepani ndalowa mochedwa. Inenso lipoti langa silikwana 100. Shuga wakwera ndi 12%, sopo watsika ndi 5%, mafuta akwera ndi 20% poyerekeza ndi mwezi wathawu. Ndikawonkhetsa ndi 27 yokha. Kodi nanenso ndili ndi mizere yobisika?

Che Songani

Ayi mlongo, zanuzo siziwonkhetsedwa n'komwe. 12% ya shuga yachokera pa shuga wa mwezi watha, 20% ya mafuta yachokera pa mafuta a mwezi watha. Iliyonse ili ndi poyambira pake. Zokwana 100 ndi zokhazo zomwe zagawidwa ndi chiwonkhetso chimodzi, ndipo kwacha iliyonse ili mu mzere umodzi wokha. Ngati mukufuna kudziwa kuti malonda onse akwera bwanji, tengani chiwonkhetso cha mwezi uno ndi cha mwezi watha, muwerengere pamenepo.

Bambo a ku Mpondabwino

Achimwene, tsopano tagwirizana kuti 0.1 imeneyi ndi yakulaunda. Mizere ndi 8, malire ndi 0.4, ndiye 99.9 ili m'kati. Koma taonani zomwe zikanachitika mayiwa akanakumverani poyamba paja. Eni bizinesi akanamva kuti shuga ndi 32.9% ya malonda, mwina n'kuwonjezera oda ya shuga, ndipo makandulo ndi machesi a ndalama zoposa miliyoni sakanawaona n'komwe.

Pa 0.1 yotsalayi ine sindikhudza nambala iliyonse. Ndimasiya 100.0% pansi, n'kulemba kamzere kamodzi kunsi kwa tebulo kuti maperesenti alaundidwa ndipo akawonkhetsedwa angasiyane pang'ono ndi 100. Chifukwa changa n'chakuti aliyense wogawa K14,620,000 ndi K48,000,000 apeza 30.458, yomwe ndi 30.5. Akaona 30.6 papepala, funso lomwe mumalithawa lija libwera ndithu, koma tsopano mulibe yankho labwino.

Ngati abwana akakamira kuti papepala pakwane 100.0, 0.1 imeneyo siipita kwa katundu wamkulu. Imapita kwa amene anatsala pang'ono kwambiri kukwera. Onjezani madesimali muone okhawo amene anatsitsidwa. Makandulo ndi 1.449, machesi 0.947, mafuta 25.646, mchere 4.417, ufa 12.604. Makandulo ndiwo ali pafupi kwambiri ndi 1.45 pomwe akanakwera okha, choncho ndi amene angalembedwe 1.5. Shuga anakwezedwa kale kuchoka pa 30.458, kumuwonjezeranso n'kumutalikitsa ndi choonadi.

Achimwene a ku Matawale

Ndamva bambo, za 2.4 zija ndavomera. Koma pa 0.1 ndikadali ndi maganizo anga. 0.1 pa 30.5 siioneka, pomwe pa 1.4 ndi gawo looneka ndithu la nambalayo. Wina akadzayerekeza makandulo mwezi ndi mwezi adzaona ngati akwera pomwe sanakwere. Komanso pali njira yachidule. Mu Options, ku Advanced, muli Set precision as displayed, mukachonga pamenepo Excel imawonkhetsa zomwe zikuoneka.

Bambo a ku Mpondabwino

Mfundo yanu ya nambala yaing'ono ndi yomveka, ndipo ndi chifukwa chinanso chomwe ine ndimakondera kamzere kakunsi kaja kusiyana ndi kusuntha chilichonse. Koma Set precision as displayed mayiwa asaiyandikire. Imadula manambala a fayilo yonse mpaka kalekale, osati kolamu imodzi yokha. Mitengo yomwe ili ndi matambala koma ikuoneka yathunthu imataya matambalawo, ndipo ngakhale mutachotsa chongacho sabwerera. Siikonzanso vuto lathuli, ingopangitsa pansi paja kulemba 99.9%. Ngati mukufuna kuona zomwe kakyuleta ya abwana idzapeze musanapulinte, pangani kolamu ina pambali:

```
=ROUND(B2/$B$10*100,1)
```

Ikokereni pansi mpaka mzere 9, kenako muiwonkhetse. Zizindikiro za $ zisachoke, apo ayi pokoka, B10 isanduka B11 n'kumagawa ndi kabokosi kopanda kanthu.

Che Songani

Mayi, chinanso. Katundu wobwezedwa ndi makasitomala mumamulemba pati? Ngati wachotsedwa pa chiwonkhetso chapansi koma mizere ili ndi malonda onse, maperesenti amapitirira 100 m'malo moperewera. Mwezi uno zakwana, koma muzidziwiretu.

Nachisale wa ku Chinamwali

Wobwezedwa amachotsedwa ku tsamba la sitoko asanafike kuno, ndaonetsetsa. Ndatsegula mizere iwiri ija, ndaika fomula ya SUBTOTAL ndipo ikuonetsa 0. Lachisanu ndipita ndi 1.4 ndi 0.9 momwe zilili, ndi kamzere kakunsi. Abwana akakana ndiwaonetsa 1.449.

Chomwe chikundivuta tsopano ndi malipoti a miyezi yam'mbuyomu. Makandulo tinayamba kugulitsanso kale, ndiye mapepala amene eni bizinesi ali nawo akusowanso mizere imeneyi. Chiwonkhetso chapansi chinali cholondola mwezi uliwonse, mizere yokha ndi imene imaperewera. Ndipulintenso onse, kapena ndingofotokoza pakamwa pa msonkhano?

Bambo a ku Mpondabwino

Ine ndikanapanga tsamba limodzi loonetsa makandulo ndi machesi mwezi ndi mwezi kuyambira pomwe anabwereranso, n'kulimata pa lipoti la mwezi uno. Koma yambani mwawaonetsa abwana mawa, asakazimvere koyamba pamaso pa eni bizinesi. Mwina iwo angafune kuti onse apulintidwenso.