Khadi ikulowa bwinobwino koma kugunditsa kukukana

Mayi wa shopu ya mbewu, Dedza boma: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Makina anga olipirira asiya kulandira khadi yogunditsa. Kasitomala akalowetsa khadi n'kulemba pini, ndalama ikudutsa, lisiti kutuluka. Koma akangoyandikitsa, makina akulira kawiri n'kulemba TRY AGAIN. Ino ndi nyengo ya feteleza, mzere ukufika pakhonde, ndiye aliyense azilowetsa khadi? Amenewa afa kapena?

Wagolosale, Lizulu: Netiweki imeneyo mayi. Kwathu kuno pamalire imathawathawa, nthawi zina foni imakagwira ya ku Mozambique. Zimitsani, chotsani simu, bwezerani, muyatsenso.

Wokonza mafoni, Ntcheu: Achimwene a ku Lizulu, netiweki imavutitsadi, koma pano sindikuiona. Mayi anena kuti akalowetsa khadi zikudutsa, ndiye kuti makina akulankhula ndi banki bwinobwino. Kugunditsa kuli ndi mbali ziwiri zimene anthufe timaziphatikiza. Yoyamba ndi ya khadi ndi makina okhaokha, siifuna simu kapena bando, ndipo imatha isanakwane theka la sekondi. Makina akalira kamodzi motalikirapo, khadi yawerengedwa, mwini wake akhoza kuibweza m'thumba. Kenako m'pamene makina amatumiza uthenga ku banki kukafunsa ngati ndalama ilipo. Netiweki ikavuta, mumamva kulira kumodzi kuja kaye, kenako kudikira. Kwa mayiwa zikufera pa mbali yoyamba. Mayi, mwasintha chiyani pakauntala masiku amenewa?

Mayi wa shopu ya mbewu: Makina sindinawakhudze. Kungoti anzathu oyandikana nawo anaberedwa awo, ndiye ndinaitana wowotcherera kuti andipangire kabokosi kachitsulo. Makina amakhala m'menemo, pali zenera pa sikirini ndi pa mabatani, pansi anakhomerera pa kauntala. Koma pogunditsa khadi sipanatsekedwe ayi, chizindikiro chake chikuoneka.

Wokonza mafoni: Ndi kabokosiko mayi, ndikukaikira kameneko. M'khadi mulibe batire. Mutaing'amba mungapeze kawaya kopyapyala kozungulira m'mphepete kangapo, kolumikizidwa ku chipu. M'makina mulinso koyilo yotero, kuseri kwa chizindikiro cha timizere topindika tija. Mukalemba mtengo, koyilo ya makina imatulutsa mphamvu ya maginito yosinthasintha maulendo 13,560,000 pa sekondi imodzi. Khadi ikalowa m'mphamvu imeneyo, kawaya kake kamatola magetsi ochepa okwanira kudzutsa chipu. Poyankha, khadi siulutsa kanthu payokha. Imangosintha mmene ikukokera mphamvu ija, pang'ono kwambiri, ndipo makina amamva kusinthako n'kuwerenga uthenga. Zili ngati munthu wagwira chingwe mbali ina, mnzake akugwedeza mbali inayo, akumvana popanda mawu.

Tsono mphamvu imeneyi ndi yofooka dala, imafika masentimita 4 basi. Chitsulo chikazungulira koyilo, chimayamwa mphamvuyo n'kusokoneza kayendedwe kake, ngakhale pamwamba pakhale potsegula. Masentimita 4 aja amatsika, mwina kutsala imodzi, ndipo ngati m'mphepete mwa kabokosi mukutchinga khadi kuti isagone pa makina penipeni, chipu imadzuka n'kuzimanso nkhani isanathe. Kulowetsa kukutheka chifukwa pamenepo magetsi amadutsa pa tizitsulo tagolide tija mwachindunji.

Tulutsani makinawo, muwagwire m'manja kutali ndi mabagala, mulembe mtengo wochepa, muyese.

Ejenti, Tsangano Turn-off: Ine ndimati bwanji osangouza anthu azitumiza pa Mpamba kapena Airtel Money? Ndi foni yomweyo, n'zimodzimodzi. Ine kuno alimi a kachewere onse amalipira choncho.

Wa pafilingi sitesheni, Dedza: Sizofanana bambo. Zanuzo munthu amaimba nambala, uthenga umayenda pa netiweki ya foni yake. Izi foni kapena khadi imalankhula ndi makina pomwepo. Komanso pa msewu wa M1 pano timalandira anthu ochokera kunja amene alibe nambala ya kuno.

Koma ine ndili ndi mantha ena. Kasitomala akagunditsa katatu kukukana, sadzapeza kuti wadulidwa katatu? Tsiku lina dalaivala wa thiraki anandivuta kwambiri pa nkhani imeneyi.

Wokonza mafoni: Ngati makina sanamalize kuwerenga khadi, palibe chimene chapita ku banki, ndiye palibe chodulidwa. Pa kulipira kulikonse, makina amapatsa chipu mtengo, tsiku ndi nambala yongopeka nthawi yomweyo. Chipu imaziphatikiza ndi kiyi wake wachinsinsi, amene satuluka m'khadi, n'kupanga siginecha ya malipiro amenewo okha. Popanda siginechayo palibe chotumiza. Poopsa ndi pamene makina alira kamodzi kenako n'kuima osatulutsa lisiti. Pamenepo musabwereze msanga. Onani kaye malipiro omaliza m'makina, ndipo kasitomala aone ngati banki yamutumizira uthenga.

Mayi wa shopu ya mbewu: Ndamasula loko, ndawatulutsa. Makasitomala atatu agunditsa, onse zadutsa nthawi yomweyo. Ndawabwezera m'bokosi kuti nditsimikize, zakananso. Zikomo kwambiri achimwene. Koma bambo wina wa ku Bembeke khadi yake yakana ngakhale kunja kwa bokosi.

Wokonza mafoni: Anaitulutsa m'chikwama? Makadi awiri ogunditsa akalowa m'mphamvu imodzi, onse amadzuka, ndipo makina olipirira sasankha okha, amakana kuti mubweretse imodzi. Ngati inali yokha, iyang'anitseni pa dzuwa. Khadi imene imakhala m'thumba la kumbuyo munthu n'kumaikhalira pa njinga imapindika, kawaya kaja n'kuduka mkati. Chipu imakhala yamoyo, kulowetsa kumatheka, koma kugunditsa ndiye kwatha mpaka atenge ina ku banki. Makina akalemba INSERT CARD atawerenga kale, imeneyo ndi nkhani ina: mwina mtengo wapitirira malire amene banki inaika, kapena agunditsa kambiri osalemba pini.

Mayi wa shopu ya mbewu: Inali yokha, ndipo ili ndi mng'alu pakona. Ailowetsa, apita ndi matumba awo. Nanga bokosi nditani? Sindingasiye makina poyera.

Wagolosale, Lizulu: Dulani chitsulo chapamwamba chokha mayi, pansi pakhale pomwepo. Ndalama ya wowotcherera isapite pachabe.

Wokonza mafoni: Mwina zitheka, mwina ayi, zitengera pamene koyilo ili. Makina ena ili mozungulira sikirini, ena kumutu kufupi ndi potulukira lisiti. Ine ndikadapita kwa kalipentala, bokosi la thabwa, n'kumangirira makina ndi katcheni chakumunsi, kutali ndi chizindikiro. Koma yambani mwafunsa a banki amene anakupatsani, ena safuna kuti makina awo aboolewe kapena kumatidwa chilichonse.

Wa pafilingi sitesheni: Nanga foni? Mzungu wina anagunditsa foni yake kwa ine kangapo osatheka, khadi yake n'kutheka kamodzi.

Wokonza mafoni: Foni imadziyesa khadi, koma ili ndi zake. Pa Android NFC, imene imatheketsa kugunditsaku, iyenera kukhala yoyatsa, foni yotsegulidwa, ndipo koyilo yake ili kumsana, zina kumtunda pafupi ndi kamera, zina pakati, ndiye munthu akhoza kumagunditsa malo olakwika. Chimene ndimachiona kwambiri pa benchi yanga ndi kachitsulo komata kuseri kwa kava, koti foni izigwira pa maginito m'galimoto. Kameneko kamachita zomwe lachita bokosi la mayi. Ngati anavula kava n'kukanabe, nditumizireni mawu amene makina analemba.

Wa pafilingi sitesheni: Kava sanavule, ndipo mawuwo sindinawasunge. Akabweranso wina wa foni ndijambula sikirini ndiponye muno.