Ndalama za dipatimenti ya maoda sizikugwirizana, ndithandizeni

Chisomo: Abale, mutu waima. Bwana andiuza kuti ndiwerengere mtengo wa oda iliyonse pa njira ya TDABC, yowerengera mtengo potengera mphindi zomwe ntchito yatenga, ntchito yomwe mnzanga anaithawa n'kupita kutchuthi osandisiyira ngakhale fayilo. Kompyuta nayo ikungozima. Dipatimentiyi ili ndi anthu 4 ndipo imadya 7,680,000 pamwezi. Maoda onse atenga mphindi 22,000, koma mtengo wake ukungokwana 4,400,000. Bwana akuti ndabisa ndalama. Ndalakwitsa pati?

Che Phiri: Chotsani anthu awiri basi! Ulesi umenewo. Ine ndimangofunsa aliyense kuti nthawi yake amaigawa bwanji, masamu n'kukwana ndendende.

Mayi Tadala: Amakwana chifukwa palibe wantchito angakuuzeni kuti theka la tsiku amangokhala, bambo. Aliyense amakwanitsa 100 peresenti. Achemwali, simunanene kuti mwagawa ndi mphindi zingati, koma ndaziona: 4,400,000 kugawa ndi 22,000 ndi 200 pa mphindi. Ndiye kuti mwatenga mphindi 38,400, anthu 4, maola 8, masiku 20, ngati kuti sapuma, sadwala, sapita kumsonkhano. Kaplan ndi Anderson, omwe anayambitsa njirayi, amati mutenge 80 mpaka 85 peresenti ya mphindizo. Pa 80 ndi mphindi 30,720, ndipo mphindi imodzi ikhala 250.

Che Phiri: Ndiye kukweza mtengo dala kumeneko!

Yamikani: Kwathu tinayeza nthawi ndi wotchi. Tsiku limenelo aliyense anali ngati mphezi, mawa lake n'kubwerera mwakale. Anandida mwezi wathunthu.

Chisomo: Ndasintha, zafika 5,500,000. Nanga 2,180,000 yotsalayo? Mphindi ndimawerenga chonchi:

```
=5+2*B2+15*C2
```

B2 ndi mizere ya katundu pa oda, C2 ndi 1 ngati kasitomala ndi watsopano.

Mayi Tadala: Yotsalayo siyiyenera kutha ayi. Ndi mtengo wa mphindi 8,720 zomwe zalipiridwa koma sizinagwire oda, ndipo muionetse payokha kwa bwana. Mukaimwaza pa maoda, mwezi wa maoda ochepa oda iliyonse idzaoneka yodula pomwe ntchito yake sinasinthe. Komabe 8,720 yandichulukira. Oda ya mizere 10 ya kasitomala watsopano ikutuluka mphindi 40, chabwino. Nanga yamwadzidzidzi? Yomwe kasitomala waisintha mutailemba kale? Ngati zimenezi zilibe mphindi zake, ntchito yeniyeni ikuoneka ngati kukhala chabe.

Che Phiri: Ndanena kale ine. Anthu awiri. Mphindi 8,720 mukuziona nokha.

Yamikani: Munthu mmodzi ndi mphindi 7,680, akulu. Awiriwo mukuwatenga kuti?

Chisomo: Zosinthidwazo sindinaziike. Komanso mmodzi mwa anayiwo masana onse amakhala akulemba malisiti, kodi zili ndi kanthu?

Mayi Tadala: Mayo ine! Mukanayamba ndi zimenezo. Chotsani theka la mphindi zake pamodzi ndi theka la malipiro ake, muwerengenso.

Che Phiri: Ndiye chotsani mmodzi ndi theka.