Tiana ta bakha tikukana make, tikungolondola mwana wanga

NyaMhango (Chibavi): Alimi anzanga, ndithandizeni nzeru. Lachinayi ndagogomola tiana ta bakha 14 m'makina. Chifukwa cha kuzizira kwa Juni uno ndinatiika m'katoni m'nyumba, mwana wanga wamkazi ndiye amatisamalira akaweruka kusukulu. Dzulo bakha wanga wina wagogomolanso ake 9, ndiye ndati ndisakanize kuti alere onse. Zakanika. Ta m'makinato tikumuthawa, tikuunjikana pakona n'kumalira, iyenso wajompha kabakha kamodzi mpaka kutuluka magazi pamutu. Koma mwanayo akangodutsa, tonse pambuyo pake mpaka kubafa. M'makina mwatsala mazira 20 oswa Loweruka likubwerali. Ndichite bwanji?

Chisale wa ku Luwinga: Ndi fungo limenelo mayi. Tiana tanu tikununkha anthu. Tengani udzu wa pachisa mutipake, make atilandira. Komanso mwanayo asiye kutipatsa chakudya, chiweto chimatsata mwini mbale.

Bambo Nyirenda (Katoto): A Chisale, za kusiyitsa mwanayo ndikugwirizana nanu, koma chifukwa chake si mbale ayi. Kabakha kakangoswa sikakhala ndi njala, kamadalira chikasu cha dzira chimene chatsala m'mimba kwa masiku awiri kapena atatu. Chimene kamafuna nthawi imeneyo ndi woti kamulondole. Chinthu choyamba chimene chikuyenda ndi kutulutsa mawu pafupi nako, kamachigwira m'mutu kuti ameneyu ndiye amayi, ngakhale asakapatse kanthu. Fungo silikhala ndi gawo lalikulu, ndi maso ndi makutu basi.

Ndipo nthawi yake ndi yaifupi. Munthu wina wa ku America, Eckhard Hess, ankayesa tiana ta bakha wa m'tchire ndi chidole cha bakha chomayenda chikulira. Anapeza kuti timagwira kwambiri pakati pa maola 13 ndi 16 titaswa. Likadutsa tsiku loyamba mantha amayamba, chilichonse chachilendo timachithawa m'malo mochilondola. Abakha athu akumudziwa ndi mtundu wina, ndiye musawerenge maola ndi wotchi, koma kachitidwe kake ndi komweko. Anuwo, mayi, lero ndi tsiku lachinayi. Kwa iwo make ndi mwana wanu, bakhayo ndi chilombo.

NyaMhango (Chibavi): Iii, ndiye basi zatheratu? Makalatu akwera mtengo, ndimafuna bakhayo andipepuze pa mbaula.

Bambo Nyirenda (Katoto): Kwa 14 amenewo ine ndingati musakakamize. Kusiyana kwa msinkhu nakonso kukuwapereka, make akuona kuti awa ndi akuluakulu ndipo sakubwera akaitana. Aleleni nokha. Sabata yoyamba pakhale potentha madigiri 32, kenako muzichotsa atatu sabata iliyonse. Ngati mulibe choyezera, yang'anani tianato: tikaunjikana pamodzi tikulira ndiye kuti tikuzizidwa, tikathawira m'mbali kukamwa kuli yasa ndiye kwatentha. Madzi akumwa akhale m'mbale yosazama, muikemo timiyala. Musatilole kusambira kaye. Ta m'makina nthenga zake zimanyowa msanga chifukwa sitinagone pansi pa make, ndipo ndi mphepo ya Mzuzuyi kabakha konyowa sikachedwa kufa.

Gift Atsekwe: Ine anga sindivutika nawo, ndimaikira nkhuku mazira a bakha, imalera bwinobwino. Kungoti akalowa m'madzi nkhukuyo imazungulira kumtunda ikulira, mpaka chisoni. Mayi gulani thadzi lofungatira basi.

Mayi Banda (Mchengautuwa): Gift, funso silimenelo, awatu anaswa kale. Komanso nkhuku yako ndi yopirira. Dzira la nkhuku ndi masiku 21, la bakha wathuyu 35. Zanga zimanyanyala pakati, mazira n'kuola.

NyaMhango, za Lowerukazo ndi zimene mungakonze. Muli ndi bakha wina amene akukhalira mazira oti aswa masiku omwewo?

NyaMhango (Chibavi): Alipo mmodzi, ndinamuikira tsiku limodzi ndi a m'makinawo. Ali ndi mazira 8.

Mayi Banda (Mchengautuwa): Mwayi wake ndi umenewo. Ine ndimachita chonchi. Tikaswa ndimatisiya m'makina momwemo mpaka tiume, nthenga zichite wofuwofu. Kenako m'katoni yofunda, yoboola timabowo ta mpweya, ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje, n'kuvindikira. Osatisewera nato, osayankhula nato, ana asayandikire. Kukada bii, cha m'ma 8, ndimapita kukhola popanda tochi yowala. Kabakha ndimakabisa m'dzanja, kuseri kwa dzanja kuli mmwamba kuti akajompha ajomphe ine, n'kukalowetsa pansi pa phiko kuchokera kumbuyo. Awiri kaye, ndidikire pang'ono, kenako ena. Usiku wonse timamva kutentha ndi mawu ake, kukacha chinthu choyamba kuchiona chikuyenda ndi iyeyo.

M'mawa mulawire kukaona. Ngati kuli zii, timitu tikungosuzumira m'mapiko, zatheka. Ngati kena kali patali kakulira mokweza kosalekeza, kapena make akukathamangitsa, kachotseni pompo. Muwatsekere pamalo pang'ono masiku atatu kapena anayi musanawatulutse, ndipo abakha aamuna asalowemo.

Koma onse 20 musamupatse. Kuphatikiza ndi ake 8 sangawafungatire, ena azigona panja pa mapiko.

Bambo Nyirenda (Katoto): Mayi Banda anena zoona. Ndiwonjezere chimodzi: make akhale kuti ake ayamba kuboola kapena aswa kumene. Kabakha kamayamba kulira kadakali m'dzira, masiku otsiriza, make n'kumayankha chapansipansi. Pamenepo m'pamene bakha amasintha mtima kuchoka pa kukhalira mazira kupita pa kulera. Mukapatsa amene wakhalira sabata imodzi yokha, apha.

Chisale wa ku Luwinga: Chabwino, koma ine udzu wa pachisa ndimapaka ndipo zimatheka.

Mayi Banda (Mchengautuwa): Mumaika nthawi yanji?

Chisale wa ku Luwinga: Usiku.

Mayi Banda (Mchengautuwa): Ndiye wakuthandizani ndi mdimawo achimwene.

Gift Atsekwe: Nanga poti tsekwe wanga wamwamuna ndinamulera m'manja yekhayekha. Pano wakula, akazi ake sawayang'ana n'komwe, amangondilondola ine mpaka kuchigayo, mlendo akandipatsa moni amamuluma. Ndi matenda omwewa?

Bambo Nyirenda (Katoto): Omwewo, ndipo atsekwe ndiye oposa. Konrad Lorenz wa ku Austria, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1973, anatchuka ndi atsekwe amene ankamulondola pamtunda ndi m'madzi momwe. Koma zako Gift zili ndi mbali yachiwiri. Kudziwa woti umulondole kumachitika tsiku loyamba, pamene kudziwa mtundu woti udzakwatire kumatenga masabata angapo, mbalame ikuona amene ikukula nawo. Wako anakula akuona iwe wekha. A NyaMhango zimenezi asade nazo nkhawa kwambiri, chifukwa 14 ajawa akuonana okhaokha. Angoika kakhola kawo ka waya pafupi ndi abakha aakulu masana dzuwa likawala, ndipo mwanayo asamatengeko kamodzi kukagona nako.

Gift Atsekwe: Ndiye wangayu angasinthe?

Bambo Nyirenda (Katoto): Ena akatsekeredwa ndi akazi nthawi yaitali osakuona amayamba kukwera, ena ayi. Yesa nyengo imodzi, mazira ake uziwaunika ndi tochi pa tsiku la 10. Ukapanda kuona timitsempha, funa tsekwe wina.

NyaMhango (Chibavi): Yewo nonse. Loweruka ndimupatsa 8, otsalawo ndilera padera. Nanga bakha woyamba uja wa ana 9, ndingamuikireko angapo usiku? Pofika Loweruka ake adzakhala ndi sabata.

Mayi Banda (Mchengautuwa): Ine sindingayese, sabata yachuluka. A Nyirenda mwina anayesapo.