Mwana wa miyezi 4, timagazi m'chimbudzi: ndi lakitozi kapena mkaka ukumuwenga?

Namwino wa kusikelo: Anzanga ndithandizeni. Ndili ndi mwana wa miyezi 4, mayi ake anabwerera kuntchito ndipo masana akumamupatsa mkaka wa m'chitini. Patangotha sabata anayamba kutulutsa chimbudzi chonanda, cha timizere ta magazi, ndipo masaya ndi m'khosi muli ziwengo zoyabwa. Thupi silikutentha, akuyamwa bwino, sikelo ikukwera koma pang'onopang'ono. Kwina anamupatsa kale mankhwala a kamwazi, osasintha. Kenako anawauza agule mkaka wopanda lakitozi, shuga wa mumkaka, masabata awiri atha, magazi akadalipo. Ndiwauze chiyani mayiwa?

Mlangizi wa zaumoyo: Asisita, ife akuda ambiri mimba zathu sizigaya shuga wa mumkaka. Mwina ndi zomwezo, mkakawo sunayambe kugwira ntchito. Adikire kaye.

Dokotala wa ana: Alangizi, zoti akuluakulu ambiri kuno sagaya bwino lakitozi n'zoona, koma si pa msinkhu uwu. Lakitezi, amene amagaya shuga ameneyu m'matumbo, amayamba kuchepa mwana atasiya kale kuyamwa, kawirikawiri atapitirira zaka 2 kapena 3. Ndipo mkaka wa m'mawere uli ndi lakitozi wambiri kuposa wa ng'ombe, pafupifupi magalamu 7 pa 100 ml, pomwe wa ng'ombe safika 5. Mwanayu wayamwa miyezi yonseyi popanda vuto, ndiye shugayo si amene walakwa.

Khanda likhoza kulephera kugaya lakitozi kwa kanthawi likadwala matenda otsekula m'mimba kapena likanyentchera. Koma pamenepo chimbudzi chimakhala chamadzi, chathovu, chonunkha mowawasa, mimba yodzaza mpweya, matako ofiira ngati apsa. Magazi ayi, ziwengo kumaso ayi. Zikaoneka ziwirizi ganizani za mapuloteni a mkaka wa ng'ombe, kuti chitetezo cha m'thupi chikulimbana nawo. N'chifukwa chake chitini chachiwiricho sichinathandize: anachotsamo shuga yekha, mapuloteni ndi omwewo.

Namwino wa kusikelo: Koma adokotala, kuwenga sindiye kumatupitsa milomo pompopompo? Uyu sanatupepo.

Dokotala wa ana: Kulipo kuwiri. Kwina n'kwachangu: pakangopita mphindi zochepa, osapitirira maola awiri, mwana amatuluka zidzolo, milomo kapena zikope kutupa, kusanza, mwina kubanika. Akabanika kapena kulefuka ndi jakisoni wa adirenalini pantchafu, 0.15 mg kwa wosafika zaka 6, osayamba ndi piritoni. Kwinako n'kochedwa, kumatenga maola ambiri kapena masiku, ndipo kumaoneka m'matumbo ndi pakhungu, ngati wanuyu. Kochedwaku kuyeza magazi sikuthandiza kwenikweni. Timachotsa mkaka wa ng'ombe wonse kwa masabata 2 mpaka 4. Magazi akatha timabwezeretsa pang'ono, akabweranso ndiye tatsimikiza. Kubwezeretsaku ambiri amakudumpha, mwana n'kumalandidwa mkaka zaka popanda chifukwa. Koma amene anatupapo kapena kubanika asayeseredwe kunyumba.

Chinanso, mufunse ngati amalira mokuwa mwa apo ndi apo akupinda miyendo, kusanza, magazi ochuluka. Zikatero akhoza kukhala matumbo olowana, mutumizeni kuchipatala chachikulu lero lomwe.

Mzamba: Ine mkaka wa mu tiyi sundivuta, chambiko ndimamwa bwinobwino, koma ndikamwa kapu ziwiri za mkaka wa fuleshi mimba imalira usiku wonse. Ndiye kuti umandiwenga?

Wa zakadyedwe: Amayi, kwanuko ndi lakitozi weniweni. Chizindikiro chake ndi kuchuluka: pang'ono mulibe vuto, mukachulutsa mimba itupa pakatha theka la ola mpaka maola awiri. Akuluakulu ambiri otere amapirira kapu imodzi ya 250 ml, makamaka akamwera pa chakudya. Mu chambiko tizilombo towawasitsa mkaka tadya kale gawo la shugayo. Munthu womuwenga mkaka chambiko chimamupwetekabe, ngakhale sipuni imodzi.

Mlangizi wa zaumoyo: Nanga mwanayo amwe wa mbuzi? Kumudzi ulipo wambiri.

Wa zakadyedwe: Ayi ndithu. Mapuloteni a mbuzi amafanana kwambiri ndi a ng'ombe, ndipo suyeneranso khanda. Ine ndingalimbikire bere: mayi azifinya mkaka wosiyira mwana, aziyamwitsa kwambiri usiku. Magazi akapanda kutha, nawonso asiye kaye mkaka ndi chambiko, koma azidya usipa ndi matemba kuti asasowe kashiamu.

Namwino wa kusikelo: Mayiwa akuti akafinya sukwana tsiku lonse. Mkaka wa m'chitini wa mapuloteni ophwanyaphwanya, wopangidwira ana amene mkaka wa ng'ombe umawawenga, kuno supezeka, ukapezeka mtengo wake sangaukwanitse. Wa soya bwanji?

Dokotala wa ana: Asanakwane miyezi 6 sindiukonda, ndipo ana ena a kuwenga kochedwaku soya amawawenganso.

Wa zakadyedwe: Koma adokotala, ngati kufinya kwalephereka, chitini cha soya chopangidwira makanda chikuposa phala pa miyezi 4. Ine ndingayese, n'kumamuyeza sikelo sabata iliyonse.

Dokotala wa ana: Tiyambe taona m'mene akufinyira. Asisita, abwere Lachinayi ndi buku la sikelo ndi zitini zonse ziwiri, ndiwerenge zolembedwapo.