Ntchito alemba kuti Remote koma akundikana tsiku lomwelo: CV ndiikonze pati?

Nangozo: Akuluakulu, thandizeni nzeru. Ndimathandiza makasitomala pa imelo ndi pafoni kuno ku Lilongwe. Ntchito zogwirira kunyumba ndikafunsira, yankho lokana limabwera tsiku lomwelo, ngati kuti palibe amene watsegula CV. Pano ndili ndi ziwiri. Ya ku New York yalembedwa chonchi:

```
Remote (US)
4 hours overlap with ET
Must be authorized to work in the US
```

Ya ku Berlin:

```
Remote (EMEA), CET +/- 2 hours
Contractor or EOR
English C1, German a plus
```

IELTS ndinalemba mu 2021, ndinapeza 7.0. Ndiike chiyani pamwamba pa CV?

Gondwe: Achemwali, ya ku New York isiyeni, musatayirepo nthawi. Remote (US) akutanthauza kuti mugwirira kunyumba, koma nyumbayo ikhale m'dziko la Amereka. Munthu wolembedwa kumeneko amadzaza fomu ya I-9 yotsimikiza kuti ali ndi chilolezo chogwira ntchito m'dzikomo, ndipo inu muli ku Malawi mulibe chikalata choikapo. Kukanidwa msanga kuja kawirikawiri sikuchokera pa CV ayi. Pa fomu yofunsira pamakhala funso loti muli ndi chilolezo kapena mulibe, ndipo makampani ambiri amatchera makina kuti woyankha No achotsedwe munthu asanawerenge kalikonse. Chizindikiro chake nchomwe mwanenacho: kalata yokana yofika msangamsanga, nthawi zina pakati pa usiku wakwawo. Ya ku Berlin ndiye yanu, chifukwa EMEA ikuphatikiza Afirika.

Mbewe: Ine ndimaona anthu akungolemba adiresi ya m'bale wawo wa ku Indiana nkuyankha Yes. Ukafika pa intaviyu umakafotokoza bwino. Za nthawi sizovuta, New York ili kumbuyo kwathu ndi maola 7, basi.

Gondwe: Achimwene a Mbewe, za adiresizo ayi. Akadzakutengani adzafuna zikalata za I-9 ndi nambala ya msonkho, bodza lidzaululika sabata yoyamba, ndipo dzina lanu lidzatsala m'kaundula wa kampaniyo ngati la munthu wonama. Pa maola mwakhoza theka. Ndi 7 kuyambira Lamulungu loyamba la Novembala mpaka Lamulungu lachiwiri la Malichi. Miyezi inayo amasuntha wotchi, kusiyana kumakhala maola 6. Ife sitisuntha, tili pa UTC+2 chaka chonse. Ndiye kampani ya ku Amereka imene imalola anthu akunja ikanena maola anayi ogwirira limodzi, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 1 koloko masana kwawo, kwa ife ndi 3 koloko masana mpaka 7 koloko madzulo, koma mu Disembala ndi 4 koloko mpaka 8 koloko usiku. Amene analonjeza kuti amaweruka 7 koloko osawerengera izi amayamba kukangana ndi bwana mu Novembala.

Naphiri: Ndimalembako anthu ntchito, ndiye ndinene zomwe diso langa limafuna m'mizere inayi yoyamba. Muli kuti, mupezeka nthawi yanji, tikulipirani mwa njira iti, mumayankhula ziyankhulo ziti. Ya ku Berlin ndikanalemba motere:

```
Lilongwe, Malawi (UTC+2 all year)
Available 09:00-18:00 UTC+2, full overlap with CET/CEST
Open to contractor or EOR engagement
English: C1 (IELTS 7.0, 2021) | Chichewa: native
```

Musalembe CAT yokha, chidule cha nthawi yathu ya kuno. Wowerenga wa ku Ulaya saizolowera, ena amaisokoneza ndi CET, nthawi ya ku Berlin, pomwe UTC+2 aliyense amaiwerengera yekha. Ndaika 9 koloko mpaka 6 koloko dala. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala wotchi ya Berlin ndi ya Lilongwe zimafanana ndendende, ndipo miyezi yotsalayo Berlin imatsalira ndi ola limodzi, kotero tsiku lawo la 9 mpaka 5 kwa inu limakhala 10 mpaka 6. Mzere umodziwo wakwanira nyengo zonse ziwiri. Apa mpamene ife timaposa wofunsira wa ku Manila kapena ku Lima, ndiye zisabisike pansi pa tsamba lachiwiri.

Kuti malowo apezeke, chotsani chithunzi, tsiku lobadwa, mpingo, mudzi ndi mfumu yaikulu. Za kwathu kunozi kumeneko sizikuthandizani.

Mbewe: Bwanji osangolemba English: native? Chingerezi nchiyankhulo cha boma kuno, taphunzira nacho kuyambira ku pulayimale.

Naphiri: Kwa wolemba ntchito, mawu amenewo amatanthauza chiyankhulo chimene munakula nacho pakhomo, ndipo sawauza kanthu za kalembedwe kanu. Iwo apempha C1, mlingo wapamwamba wodziwira chiyankhulo, ndiye apatseni C1 ndi umboni wake. IELTS 7.0 imagwera pa C1. Chaka chilembeni moona mtima, chifukwa zotsatira zake zimatengedwa kuti nzamphamvu kwa zaka ziwiri. Kampani yolemba munthu wogwirira kwawo kawirikawiri siilimbikira zimenezo, imakuyesani yokha ndi kalata yoyankha kasitomala wokwiya. Chijeremani ngati simuchidziwa musachitchule nkomwe. Mukalemba mlingo wotsika wa A2 yembekezerani kuti wina akupatsani moni m'Chijeremani pa intaviyu nkupitiriza.

Kalua: Pepani ndalowa mochedwa. Ndiye kuti a Nangozo akufunika viza ya ku Jeremani? Mng'ono wanga akufuna ya ku Mangalande, CV yomweyi ingagwire?

Gondwe: Ayi bambo, a Nangozo sakusamuka, viza siikukhudza. Mng'ono wanuyo nkhani yake ndi ina. Skilled Worker visa imafuna kampani yokhala ndi laisensi yoitanitsa anthu akunja, ndipo mndandanda wa makampani otero uli pa gov.uk, ayambe wayang'ana pamenepo asanatumize kalikonse. Pa Chingerezi, Malawi sali pa mndandanda wa maiko okhululukidwa mayeso, ndiye adzafunika mayeso ovomerezeka monga IELTS for UKVI, kapena digiri yophunziridwa m'Chingerezi yotsimikizidwa ndi bungwe la Ecctis. Pa CV alembe poyera kuti adzafuna kampani imuimirire pa viza.

Nangozo: Zikomo kwambiri nonse. Chatsala ndi mzere wachitatu uja. Ndisankhe iti pa ziwirizo, contractor kapena EOR?

Gondwe: Contractor ndiye kuti mumadziimira panokha: mumatumiza invoisi mwezi ndi mwezi, msonkho mumakalongosola nokha ku MRA, tchuthi cholipidwa ndi penshoni palibe pokhapokha zitalembedwa mu mgwirizano. EOR ndi kampani ina, monga Deel kapena Remote, imene imakulembani mwalamulo m'dziko lanu m'malo mwa a ku Berlin. Koma si kampani iliyonse yotere imene imalemba anthu m'dziko lililonse, ndiye funsani pa intaviyu yoyamba ngati yawoyo imafika ku Malawi. Pa CV lembani zonse ziwiri. Ine ndikanawonjezanso mzere wonena kuti muli ndi sola kapena invita ndi intaneti ya makampani awiri, chifukwa pantchito yoyankha makasitomala funso la magetsi limabwera ndithu.

Naphiri: Pamenepo tasiyana, a Gondwe. Mzere wa magetsi umadzutsa nkhawa imene wowerenga analibe. Ine ndimati yankholo mulikonzekere, muliyankhe akafunsa.

Gondwe: Amene analembapo kale anthu m'chigawo chathu chino nkhawayo ali nayo kale, mayi. A Nangozo, onani ngati chikalata cha ntchitocho chatchula za intaneti yodalirika. Ngati chatchula, ikani mzerewo. Ngati sichinatchule, mayi Naphiri ndi ine sitigwirizana, musankhe nokha.

Nangozo: Chatchula, pansi penipeni. Ndiuika, ndipo ya ku New York ndaisiya.