Levareji ya 5: mtengo ungatsike mpaka pati buloka asanagulitse zanga mokakamiza?

Nachisale_M
Akuluakulu, ndithandizeni masamu. Ndili ndi madola 2,000 ndipo ndikufuna kugula masheya 200 pa madola 50 imodzi, zonse pamodzi 10,000. Ndiye kuti 8,000 ndi ngongole ya buloka, kampani imene ndikugulira masheya kudzera mwa iyo, ndipo levareji ndi 5 popeza 10,000 ndi 2,000 yanga kuchulukitsa kasanu. Ine ndimaona ngati mtengo uyenera kutsika ndi 20 peresenti, kufika pa 40, kuti anditsekere, popeza ndi pamene 2,000 yanga ithere. Koma pa sikirini pakuoneka `Maintenance margin 10%` ndi `Liquidation price 44.44`. Ndalakwitsa pati?

Bambo Wa Tadala
Mayi, 20 peresenti ndi yolondola. Mumangogawa 100 ndi levareji: pa 5 ndi 20, pa 10 ndi 10. Mwina makina awo aphatikiza ndalama zolipira pogula ndi pogulitsa.

Gogo Kawerenga
Bambo a Tadala, kugawa kwanuko kukutiuza pamene ndalama za mayiwa zithere psiti, osati pamene buloka agulitse. Buloka sadikira kuti zithe. Atadikira mpaka pa 40, kutsika pang'ono kokha kungayambe kudya 8,000 yake, ndiye amagulitsa mayiwa akadali ndi kenakake. Kenakakeko ndiko 10 peresenti ija.

Mayi Nachisale, gwirani ichi kaye: mtengo ukamatsika, ngongole sitsika nawo. Masheya amachepa mtengo, 8,000 ili pomwepo, ndipo kutsika konse kumadya gawo lanu lokha. Buloka akufuna kuti gawo lanulo lisachepere 10 peresenti ya mtengo wa masheya pa nthawiyo. Kunena kwina, ngongole isapitirire 90 peresenti ya mtengowo. Choncho funso ndi lakuti, 8,000 idzakhala 90 peresenti ya ndalama zingati?

```
8000 / 0.90 = 8888.89
8888.89 / 200 = 44.44
```

Tsimikizani nokha. Pa 44.44 masheya anu ndi a madola pafupifupi 8,889. Chotsani ngongole, mwatsala ndi 889, yomwe ndi 10 peresenti ndendende. Mtengo watsika ndi 5.56 pa 50, ndiko kuti 11.1 peresenti, pafupifupi theka la mpata umene mumaganiza kuti muli nawo. Makinawo sanalakwitse.

Nachisale_M
Ndamva, agogo. Ndiye pa 44.44 ndimatuluka ndi 889?

Gogo Kawerenga
Pa pepala, inde. Koma 44.44 ndi pamene lamulo logulitsa limatuluka, si mtengo umene agulitsire. Amagulitsa pa mtengo umene ogula akupereka nthawi imeneyo, ndipo ena amadulanso chindapusa. Mawa lake mtengo ukabwerera pa 50, inu mulibenso masheya.

Chimwemwe FX
Kwa ine buloka amatseka malonda `Margin level` ikafika 50%. Ndiye mayiwa ali ndi mpata mpaka mtengo utatsika ndi theka, si choncho?

Achimwene Jere
Ayi Chimwemwe, mwasakaniza zinthu ziwiri. 50 yanuyo si kutsika kwa mtengo. Ndi ndalama zanu zotsala poziyerekeza ndi chikole chimene anagwira potsegula malondawo. Chikole chikakhala 2,000, amatseka zotsala zikafika 1,000. Kutaya 1,000 pa masheya 200 ndi madola 5 pa sheya iliyonse, ndiye mtengo wotsekera ndi 45. Mtengo wangotsika ndi 10 peresenti basi.

Izi zikundikumbutsa chinthu chimene agogo sanatchule. Si onse amawerengera 10 peresenti pa mtengo wa lero. Ena amaiwerengera pa mtengo wogulira, ndiye imakhala 1,000 yosasintha, ndipo yankho ndi 45 m'malo mwa 44.44. Buloka wa mayiwa akuwerengera pa mtengo wa lero, nambala yake ikuonetsa. Mukasamukira kwina funsani, musangotengera.

Mai Phiri Akaunti
Vuto langa ndi 44.44 ndi lakuti anthu amaitenga ngati mwala wa malire, pamene imayenda, ndipo nthawi zambiri imayenda chokuyandikirani.

Choyamba ndi chiwongoladzanja. Tiyerekeze kuti ndi 9 peresenti pachaka. Pa 8,000 ndi madola 720 pachaka, 60 pamwezi. Mukapanda kulipira, imaunjikana pa ngongole. Pakatha miyezi 6 ngongole ili cha pa 8,360, ndipo mukaigawa ndi 180, yomwe ndi masheya 200 kuchulukitsa ndi 0.90, mupeza 46.44. Mpata wachoka pa 11.1 kufika pa 7.1 peresenti, msika usanachite chilichonse.

Chachiwiri chimawawa kwambiri. Buloka ali ndi mphamvu yokweza 10 peresenti ija, ndipo amakonda kutero msika ukamagwedezeka, nthawi yomweyo imene inu mwapanikizika kale. Akaikweza kufika pa 15, mumagawa 8,000 ndi 170, yomwe ndi 200 kuchulukitsa ndi 0.85, mupeza 47.06. Munthu amene mtengo wa masheya ake uli pa 46.50 anagona ali bwinobwino, nʼkudzuka ataperewera chikole, mtengo osasuntha.

Bambo Wa Tadala
Chabwino, ndavomera. Koma amayamba atumiza uthenga woti muwonjezere ndalama, ndiye mukhoza kupulumuka. Komanso mukaika `stop loss`, lamulo loti akugulitsireni mtengo ukatsika kufika pamene mwasankha, pa 46 nkhani yatha.

Achimwene Jere
Za uthengazo musazidalire. Mapangano ambiri amalola buloka kugulitsa osakuuzani, komanso kusankha yekha zoti agulitse. Kuwonjezera ndalama kumathandizadi ngati zapita kochepetsa ngongole: 1,000 ikatsitsa ngongole kufika pa 7,000, mtengo wotsekera umatsika kufika pa 38.89. Mukagulira masheya ena pa levareji yomweyo, mwangokulitsa ngongole.

`stop loss` pa 46 ndi yabwino pa tsiku loti mtengo ukutsika pang'onopang'ono. Koma tinene kuti msika watseka pa 47, usiku kwatuluka nkhani yoipa, m'mawa watsegulira pa 38. Palibe anagula pa 46 kapena pa 44.44, mitengo imeneyo yangodumphidwa. Masheya 200 pa 38 ndi 7,600, ngongole ndi 8,000. Ndalama zanu 2,000 zapita ndipo mwatsala ndi ngongole ya 400.

Chimwemwe FX
Imeneyo amakhululuka, akaunti sipita pansi pa ziro.

Achimwene Jere
Ena amatero chifukwa malamulo a kumene analembetsa amawakakamiza pa mitundu ina ya malonda. Pa ngongole yogulira masheya, kawirikawiri 400 ija mumalipira. Mayi Nachisale awerenge pangano lawo.

Gogo Kawerenga
Ine ndikanayambira kumapeto. Musayambe ndi levareji nʼkumafunsa pamene akutsekereni. Yambani ndi kutsika kumene mukufuna kupirira, levareji ituluke yokha. Tinene kuti mukufuna kupirira 30 peresenti, mtengo kufika pa 35. Pa 35, ngongole yololedwa pa sheya imodzi ndi 90 peresenti yake, madola 31.50. Ndiye pogula pa 50, inu muikepo 18.50 pa sheya iliyonse. Mukagawa 2,000 ndi 18.50 mupeza masheya 108, a madola 5,400, levareji ya 2.7. Ndipo apa chiwongoladzanja cha Mai Phiri sitinachiikemo.

Nachisale_M
Masheya 108 m'malo mwa 200, zandiziziritsa m'nkhongono. Nanga 30 imeneyo ndiidziwa bwanji kuti ndi yokwanira?

Mai Phiri Akaunti
Onani mbiri ya sheyayo kwa zaka zingapo, mupeze kutsika kwake kwakukulu kuchoka pamwamba kufika pansi, komanso kudumpha kwake kwakukulu kwa usiku umodzi.

Achimwene Jere
Mbiri imangosonyeza zimene zinachitika kale, Mai Phiri. Pa sheya ya kampani imodzi, 30 ndi yochepa kwa ine.

Mai Phiri Akaunti
Ndiye perekani nambala yanu, achimwene, tiwerengere.